Tambula ya a Zuze

Pa maliro a bambo anga aakulu, a Zuze, anthu anayankhula mpaka mthunzi wa bwemba unachoka pa bokosi n'kukagwera kuseri kwa khola. Oimira banja anayankhula, oimira mpingo anayankhula, oimira amalonda a pa Bangula nawonso anaimirira, ngakhale malemuwo sanagulitsepo ndi tomato yemwe. Ine ndinakhala pakati pa azimayi, chitenje kumutu, mtima ukuwira. Munthu amene ankadana ndi mawu aatali kuposa udzudzu tinamuperekeza ndi mawu aatali, ambiri mwa iwo abodza. Amene anatalikitsa kwambiri ndi mng'ono wawo, a Fombe, omwe anauza khamulo kuti akulu awo anali chingwe chomanga banja. Ndinacheukira mayi anga. Anali atawerama, akukanda dothi ndi kamtengo.

Chaka chikukwana tsopano chiwaikire, ndipo mtima uja sunazizirebe. N'chifukwa chake ndikulemba.

A Zuze anali oyamba kubadwa mwa amuna atatu. Otsatira anali bambo anga, a Thomasi, ndipo chitsiriza anali a Fombe. Onse anabadwira kutsidya, ku Mozambiki, n'kuwoloka nthawi ya nkhondo kudzakhazikika kufupi ndi Bangula. Ali mnyamata, a Zuze anagwirapo ntchito yoperekera zakudya mu hotela ina ku Beira, ndipo ku ntchitoko anabwerako ndi zinthu ziwiri zokha: tambula yagalasi yokhuthala pansi, ndi mwambo umene kwathu tinkautcha mawu a tambula. Kumeneko ankaona kuti pa phwando, anthu asanayambe kudya, mmodzi amaimirira, kunena mawu ochepa, kukweza chakumwa, onse n'kuyankha n'kumwera limodzi. Iwo anautola mwambowo n'kudzaudzala pansi pa bwemba wa pakhomo pawo, pa tsiku la Khirisimasi, pamene makomo atatuwa ankadyera pamodzi mpunga ndi mbuzi.

Anali munthu wovuta, ndisabise. Ankavala jekete pa dzuwa la Disembala la kuno kuchigwa, thukuta likuyenderera m'khosi, ati munthu sawerenga mawu a tambula ali ngati akupita kokavuula ukonde. Ankadzudzula ana akagwira kapu ndi manja awiri. Akazi awo, a Mariya, anakangana nawo moyo wonse chifukwa cha tambula ija, poti chaka chonse inkangokhala pamwamba pa kabati yovundikira, pamene alendo ankamwera m'makapu apulasitiki ong'ambika milomo. Tsiku lina a Mariya anamweramo mankhwala a malungo, ndipo panatha sabata a Zuze akuyankhula nawo kudzera mwa ana.

Koma ntchito yawoyo ankaidziwa. Ankayamba kulemba kukali masiku, pa pepala long'amba m'kope, ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa maso anali atayamba kuchita khungu. Akalemba ankapita kuseri kwa nyumba kukawerengera mbuzi mokweza. Ife tinkabisala n'kumaseka, koma iwo ankati mawu a pa pepala amanama, umawadziwa bwino ukawatulutsa pakamwa. Pamene mpweya wawathera pakati pa chiganizo ankadulapo. Liwu limene lawapunthwitsa lilime ankalichotsa. Pofika pa Khirisimasi pepala loyamba lija linkakhala lodzaza ndi mizere yofufuta, ndiye ankakopera zotsalazo pa lina loyera, ndipo nthawi zonse zinkakwana tsamba limodzi osatembenuza.

Muyezo wawo unali mkono. Ankanena kuti mawu a tambula azitha mkono wonyamula chakumwa usanatope, ndipo ukayamba kulemera ndiye kuti wayamba kulalikira. Ulaliki unali wa abusa, pemphero linali la a Mariya, ndipo linkachitika iwo asanaimirire. Ankatinso pa tambula saweruzirapo milandu, sadzudzulirapo mwana wolephera mayeso, sakumbutsirapo za mbuzi imene inadya chimanga cha m'bale. Nthabwala inkaloledwa imodzi yokha, ndipo wosekedwayo azikhala woyankhulayo.

Dongosolo lake silinkasintha. Ankadikira kuti aliyense agwire kapu yodzaza, akuluakulu vinyo wa kutsidya akapezeka, ena zakumwa za m'botolo, ana thobwa la mapira. Ngakhale wophika ali ndi phulusa m'manja ankamuitanitsa. Kenako ankagogoda tambula ndi sipuni, n'kuyamba ndi kuthokoza amene aphika. Akatero ankatchula makomo motsata kubadwa, mwamuna, mkazi, ana, ndipo pa dzina lililonse ankachotsa maso pa pepala n'kumuyang'ana mwini dzinalo. Akufa ankawakumbukira m'chiganizo chimodzi, kuti misozi isagwere mu mpunga. Akatha makomo ankalonjera alendo, kaya ndi anzathu a kusukulu kaya wakabaza amene wangoima kupempha madzi. Ankamaliza ndi chokhumba chimodzi cha chaka chikubweracho, n'kukweza tambula, n'kuti, "Sawude!" Ndi liwu la kutsidya lofunirana moyo wabwino. Tonse tinkayankha chimodzimodzi n'kumwa. Iwo ankamwa pomalizira, ataona kuti palibe watsala, ndipo sankatsitsa mkono kapena kukhala pansi zimenezi zisanachitike.

Palibe amene anakhazikitsa lamulo, koma m'kupita kwa zaka tonse tinadziwa tanthauzo lake. Wotchulidwa pa makomo anali wa pakhomo. Wotchulidwa pa alendo anali wopita. Mtsikana amene ankabwera ndi Lusiyano, mwana woyamba wa a Fombe, anakhala pa alendo zaka ziwiri, ndipo tsiku limene a Zuze anamusamutsira pa khomo la a Fombe analira ndi chisangalalo, chifukwa anadziwa kuti za lobola zatheka. Kumwa kunali kuvomereza. A Zuze zimenezi zinkawasangalatsa kwambiri, mwinanso mopitirira. Ankakonda kuona anthu akudikira pakamwa pawo.

Matenda awo omaliza anali a miyendo yotupa ndi mtima wofooka. Ndinkapita kukawaona, ndipo ndinkawapeza atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa bwemba, akuthamangitsa ntchentche ndi chipewa. Chigayo cha a Fombe chinkamveka kuchokera pamenepo, ndiponso galimoto yawo inkadutsa pamsewu tsiku lililonse kupita kokagula chimanga, koma siinkakhota. A Mariya anawachonderera kuti atume mwana kwa mng'ono wawoyo, awanyamule kupita kuchipatala. Anakana. Anati munthu amene anakana kumwa nawo sangamukwerere galimoto. Anapita pa kabaza, miyendo yotupayo ikulendewera, ndipo ndinawakwiyira nawonso chifukwa cha kuuma mutu kumeneko.

Chiyambi cha zonsezi ndi chaka chimene bambo anga anamwalira.

Mayi anga, a Nambewe, ndi Amang'anja a ku Chikwawa, kufupi ndi Kapichira. Kwawo mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, koma iwo anatsatira bambo kuno, lobola litaperekedwa mwa mwambo wa Chisena. Anabereka ana atatu, tonse aakazi. Chimene chinkatidyetsa ndi dimba la m'mphepete mwa Shire, limene bambo ndi mayi anathyola okha mu bango. Madzi akaphwa ankadzalamo chimanga, nyemba ndi mbatata, ndipo chaka chimene minda ya kumtunda yapsa ndi dzuwa, dimbalo ndilo linkatipulumutsa kuti tisakakumbe nyika, mizu yodya pa njala, m'dambo. Bambo atamwalira, mayi anakana kulowedwa chokolo. A Fombe, omwe malonda awo a chimanga anali atayamba kukula, anayamba kunena kuti mkazi wopanda mwana wamwamuna, wokananso mwambo, alibe chomusungira pamudzi. Abwerere kwawo, dimba libwerere kwa eni.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, a Fombe anabwera kwa akulu awo atanyamula botolo lalikulu la vinyo. Ine ndinali pa khonde ndi a Mariya tikusankha mpunga, ndipo tinamva zonse.

"Akulu, sindikupempha zambiri," anatero a Fombe. "Sindikuti muwanyoze alamuwa, ayi, nkhabe. Muwatchule ndithu, mwaulemu. Koma muwatchule pa alendo."

"Mlendo wa zaka zonsezi?" anafunsa a Zuze.

"Thomasi anapita. Khomo lopanda mwamuna si khomo. Mukangotero aliyense amva, sipakhalanso zokokana kubwalo. Ndi njira yaulemu imeneyi."

A Zuze anayang'ana botolo lija nthawi yaitali. Vinyo ankamukonda, ndipo ankakondanso kupemphedwa.

"Ndamva," anatero. "Siya vinyoyo apo."

Ndinakawauza mayi. Madzulo ake ndinawaona akupinda zitenje zawo n'kuziika m'chikwama. Masiku otsatirawo a Zuze anawerengera mbuzi motsitsa mawu kwambiri, moti ngakhale a Mariya, amene anakadzinamiza kuti akuthyola nkhwani kuseriko, sanamve kanthu.

Tsiku la Khirisimasilo kunatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Mayi anaphika kuyambira m'mawa, ndipo mbale zitafika pa tebulo anafuna kutsalira kukhitchini. A Zuze anawaitanitsa monga ankachitira ndi wophika aliyense. Anabwera n'kuima kumapeto kwa mphasa ya azimayi, kapu ya thobwa m'manja, maso pansi. A Mariya anapemphera. A Fombe anali atakhala mofutukuka pa mpando, vinyo wawo yemwe ali m'kapu. Sipuni inagogoda tambula, ndipo a Zuze anaimirira ndi jekete lawo n'kuwerenga.

"Abale, takumananso. Takhuta, tathokoza amayi amene atiphikira pa dzuwa limeneli. Khomo la Zuze lilipo, ndi Mariya amene akundipirirabe, ngakhale sindikudziwa chifukwa chake."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha. Potsatira panali pa malo a bambo anga.

"Thomasi watisiya, ndipo mpando wake tikuuona." Anachotsa maso pa pepala n'kuyang'ana mayi. "Koma khomo la Thomasi lilipo: Nambewe mlamu wathu, ndi ana ake atatu, ndi dimba lawo."

Sanaime. Anapitirira ku khomo la a Fombe, kutchula aliyense mpaka mdzukulu wa m'manja, kulonjera alendo, kufunira kuti chaka chikubweracho Shire atisiyire mbewu, ndi kuti onse otchulidwawo tidzakumanenso. Anakweza tambula.

"Sawude!"

Tinayankha ochepa. A Mariya anamwa, ife ana tinamwa, ana aang'ono a makomo onse anamwa chifukwa ludzu silidziwa milandu. Mayi anamwa misozi ikugwera m'kapu. Koma a Fombe anaika kapu yawo pa tebulo, ndipo akazi awo ndi ana awo aakulu, poona zimenezo, anangogwira makapu pachifuwa.

"Akulu, mwalonga mawu amene sitinapangane," anatero a Fombe.

"Imwa, Fombe."

"Munati pa tambula saweruzirapo milandu. Ndi inu nomwe munatiphunzitsa. Nanga dimba lalowa bwanji?"

Apa a Fombe ankanena zoona, ndipo a Zuze ankadziwa. Mawu atatu aja, ndi dimba lawo, anaphwanya lamulo lawo lomwe. Sanadziteteze. Anangobwereza kuti, "Imwa, Fombe, mpunga ukuzizira."

Ndiye anaima choncho, mkono uli m'mwamba, poti wowerenga satsitsa tambula wina asanamwe. Munthu amene ankati mawu azitha mkono usanatope anaima mpaka mkonowo unayamba kunjenjemera, vinyo n'kumatayikira m'dzanja la jekete. Thukuta linkadontha pa pepala. Ntchentche zinatera pa nyama. Khanda linalira, palibe analitonthoza. Kenako anagwiriziza chigongono ndi dzanja linalo, pepala n'kugwa pansi, koma tambula siinatsike.

Woyamba kugonja anali mkazi wa Lusiyano, uja anakhala pa alendo zaka ziwiri. Anamwa mofulumira osayang'ana apongozi ake. Kenako akazi a a Fombe ananong'ona kuti, "Bambo, anthu akutiona," n'kumwa nawonso, ndipo ana awo anatsatira mmodzimmodzi. Anatsala a Fombe okha. Anaimirira, kutenga kapu ija, kukhuthulira vinyo pa dothi, n'kunyamuka kupita kwawo osadya.

A Zuze anayang'ana dothi lonyowalo n'kunena kuti, "Pyadidi, zili bwino, wamwetsa Thomasi." Atatero anamwa, n'kukhala pansi. Mkono umenewo unawapweteka mpaka chaka chatsopano, ndipo a Mariya ankauthowa ndi madzi otentha uku akuwatukwana kuti ndi chitsiru chokalamba.

Mayi anatulutsa zitenje m'chikwama. A Fombe sakanathanso kukhudza dimbalo, poti mudzi wonse unamva kuti mkulu wa banja wanena pamaso pa onse, ndipo a pakhomo pawo pomwe anamwa. Madzi ataphwa tinadzala monga kale. Dimba limenelo ndilo linatiphunzitsa sukulu ine ndi ang'ono anga.

Koma a Zuze analipira. Khirisimasi yotsatira a Fombe anapha ng'ombe, kubwereka zokuzira mawu, n'kuitana abale onse kunyumba kwawo ya malata. Anawaitananso akulu awo ngati wina aliyense, koma anatumiza mawu akuti chaka chino owerenga ndi Lusiyano, poti achikulire atopa. A Zuze sanapite. Abale amene kwa zaka zambiri ankadikira pakamwa pawo anatsata fungo la ng'ombe. Pansi pa bwemba tinatsala ife a khomo la Thomasi, a Mariya, ndi mwana wawo mmodzi amene anali asanapite ku Joni. Komabe a Zuze anavala jekete, kugogoda tambula, n'kuwerenga ngati pali khamu. Khomo la a Fombe sanalidumphe. Chaka chilichonse mpaka imfa yawo ankalitchula lonse, dzina ndi dzina, akuyang'ana mipando yopanda anthu. Sindikudziwa ngati chinali chikondi kapena mwano, ndipo mwina iwonso sankadziwa.

Ndinawapemphapo kuti za dimbalo tikazikhazikitse kwa akuluakulu a mudzi, pakhale umboni woti udzatsale iwo atapita. Anakwiya ngati ndawatukwana. Anati mawu onenedwa pamaso pa abale, n'kumwera, ndi mpanda wokwanira. Mapepala awo a tambula sankasunga n'komwe, ankapatsa mnzawo wina wokalamba kuti azipichirira fodya. Ankakhulupirira mwambo wawo kuposa mmene ankadziwira abale awo. Chimenechi ndimawadandaula nacho mpaka lero. Sanaone kuti mpandawo unali iwo eni, ndipo kuti anali kukalamba.

Khirisimasi yoyamba iwo atapita, a Fombe anatiitana tonse, ati chaka cha maliro banja lisadye mogawikana. Ine sindinafune, koma mayi anati kukana n'kuyamba ndewu. Tinapita. Mayi anathandiza kuphika monga mwa chizolowezi chawo. Lusiyano anaimirira ndi foni m'manja, anthu ena atayamba kale kudya, ena alibe ndi kapu yomwe. Anatamanda malemu bambo aakulu nthawi yaitali, kuwatcha mzati, kuwatcha nyali. Anatchula khomo la a Zuze, anatchula khomo la bambo ake. Ndiye anati, osachotsa maso pa foni, "Tikulandiranso alendo athu ochokera ku Chikwawa, mayi Nambewe ndi ana awo. Khalani omasuka."

Anafuula sawude, ndipo onse anayankha mokweza kuposa mmene ndinamvera chiyambire. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu mmodzi woti aike kapu pansi. A Mariya anali kumapeto, makutu atagontha, akumwetulira poti anamva dzina la amuna awo. Mkazi wa Lusiyano anamwa akuyang'ana kumbali. Ine sindinamwe, koma palibe anaona, chifukwa wowerengayo anali atamwa kale woyamba n'kukhala pansi. Mayi anagwira kapu yawo kanthawi, kenako anamwa.

Pobwerera ndinawafunsa mokalipa chifukwa chake.

"Ndikanadikira ndani, mwanangu?" anatero. "Panali mkono m'mwamba?"

Madzi ataphwa chaka chino, amene anatsikira kudimba ndi makasu ndi aganyu a a Fombe. Mayi ali kwawo ku Chikwawa tsopano, m'kanyumba ka mchemwali wawo, mlendo kumene anabadwira. Nyemba za m'dimba limene anathyola ndi manja awo ndimaziona zikugulitsidwa pa msika wa Bangula, ndipo ndimadutsa osagula.

Sabata yatha ndinapita kukazonda a Mariya. Tebulo lija kulibe, analitenga kuti aziyezerapo ufa kuchigayo cha a Fombe. Mpando wa ndalema unathyoka mwendo ndipo wagonekedwa pakhoma la khola. Pansi pa bwemba, pamene ankaimirira, dothi lake n'lolimba kuposa pena paliponse pabwalopo, ndipo mbuzi zimakonda kugona pamenepo masana. Jekete lapachikidwabe pa msomali kuseri kwa chitseko, ndi banga la vinyo pa dzanja lamanja limene silinachoke. Tambula ndinaipeza pa zenera, a Mariya akusungiramo singano ndi mabatani. Ataona ndikuiyang'ana anaikhuthula n'kuipukuta ndi chitenje, n'kundifunsa ngati ndikufuna madzi.

Ndinati inde. Anandithirira, ndinainyamula, ndipo ndinadabwa ndi kulemera kwake.